Ngongole iti ndiyotchipa? Mafunso ndi mayankho kwa amene akufuna kubwereka ndalama

Ndakhala ndikulemba mabuku a magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama kuno ku Mulanje kwa zaka zingapo, ndipo anthu amabwera kwa ine ndi mapepala a ngongole kuti ndiwawerengere asanasaine. Ena, mwatsoka, amabwera atasaina kale. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ndimafunsidwa mobwerezabwereza, kuyambira kwa othyola tiyi m'maesiteti mpaka kwa aphunzitsi ndi amalonda a pa Chitakale ndi pa Limbuli. Manambala a m'zitsanzo ndawasankha ndekha kuti masamu ake aoneke bwino, si mitengo ya bungwe lina lililonse.

1. Ndikapatsidwa ngongole ziwiri kapena zitatu zoti ndisankhepo, ndiyang'ane chiyani poyamba?

Yang'anani manambala awiri okha. Yoyamba ndi ndalama imene ikafike m'manja mwanu tsiku lolandira, atadula zonse zomwe amadula. Yachiwiri ndi ndalama yonse imene idzatuluke m'thumba mwanu kuyambira tsiku loyamba mpaka tsiku lomwe adzanene kuti ngongole yatha. Mukachotsa yoyambayo pa yachiwiriyo, chotsalacho ndiye mtengo wa ngongoleyo.

```
ndalama yonse yobweza - ndalama yofika m'manja = mtengo wa ngongole
```

Ngongole ndi katundu ngati feteleza kapena malata. Palibe amene amagula thumba la feteleza atangouzidwa kuti azipereka pang'onopang'ono, osauzidwa mtengo wa thumbalo. Koma pa ngongole ambiri timatero, chifukwa wobwereketsa amayamba ndi kutiuza zomwe zimakoma m'khutu.

2. Nanga ndalama yonse yobwezayo ndingaipeze bwanji?

Ngati mukubweza ndalama yofanana mwezi ndi mwezi, chulukitsani ndalamayo ndi chiwerengero cha miyezi. K74,000 kwa miyezi 12 ndi K888,000. Kakyuleta ya pafoni ndi yokwanira. Ngati ndalama yobweza ikusintha mwezi uliwonse, pemphani pepala la ndondomeko ya kabwezedwe, lomwe limasonyeza tsiku ndi ndalama ya mwezi uliwonse, kenaka phatikizani mizere yonse. Pamwamba pake onjezani chilichonse chomwe mwapereka kuchokera m'thumba ngongole isanatuluke, monga ndalama yogulira fomu.

Samalani ndi ngongole zobweza sabata ndi sabata. Munthu akauzidwa K18,000 pa sabata, m'mutu mwake amati ndi K72,000 pa mwezi, ndiye pa chaka K864,000. Koma chaka chili ndi masabata 52, osati 48. Ndalama yeniyeni ndi K936,000. Funsani kuti mudzabweza kangati, osati kwa miyezi ingati.

3. Bwanji osangosankha yomwe ndalama yake ya pamwezi ndi yochepa? Si imeneyo yopepuka?

Yopepuka pa mwezi, inde. Yotchipa, kawirikawiri ayi. Tiyeni titenge chitsanzo chomwe tizibwererako m'mayankho enawa.

Tinene kuti mayi wina wa golosale pa Chitakale akufuna K600,000 yoti agule firiji ndi kuwonjezera katundu. Wapita malo atatu.

Malo oyamba amuuza kuti chiwongola dzanja ndi 4 peresenti pa mwezi, azibweza K74,000 kwa miyezi 12. Polandira amudula K30,000 yoyendetsera mapepala ndi K6,000 ya inshuwalansi, ndiye m'manja mufika K564,000. Adzabweza K888,000. Mtengo wa ngongoleyi ndi K324,000.

Malo achiwiri amuuza 5 peresenti pa mwezi, kwa miyezi 12 yomweyo. Mwezi woyamba abweza K80,000, ndipo mwezi uliwonse ndalamayo izitsika ndi K2,500 mpaka mwezi womaliza adzapereke K52,500. Amudula K12,000 polandira, m'manja mufika K588,000. Akaphatikiza miyezi yonse adzabweza K795,000. Mtengo wake ndi K207,000.

Malo achitatu ndi omwe amakopa kwambiri: 3 peresenti yokha pa mwezi, osadula kalikonse polandira, ndipo pa mwezi azipereka K43,000 basi. Kungoti ndi kwa miyezi 24. K43,000 kuchulukitsa ndi 24 ndi K1,032,000. Mtengo wake ndi K432,000.

Ndikafunsa anthu pa msonkhano wa gulu ndisanawaonetse masamuwa, manja ambiri amakwera pa yachitatuyi. Peresenti yake ndi yotsika kuposa zonse, ya pamwezi ndi yotsika kuposa zonse, ndipo sadula kanthu. Komabe mayiyu akaisankha adzalipira kuwirikiza kawiri mtengo wa yachiwiri ija, yomwe imaoneka yoopsa chifukwa cha 5 peresenti ndi K80,000 ya mwezi woyamba. Kusiyana kwake ndi K225,000, ndalama yoti akanagula katundu wodzaza mashelefu. Ndalama ya pamwezi imatsitsidwa mosavuta: wobwereketsa angotalikitsa nthawi, ndipo mwezi uliwonse wowonjezerawo uli ndi chiwongola dzanja chake.

4. Zatheka bwanji kuti ya 5 peresenti ikhale yotchipa kuposa ya 4 peresenti?

Apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsikira, ndiye ndifotokoza mofatsa. Peresenti payokha siikuuzani kanthu mpaka mutadziwa kuti akuiwerengera pa ndalama iti.

Pali njira ziwiri. Njira yoyamba, yomwe ogwira ntchito za ngongole amaitcha fulati, amawerengera chiwongola dzanja pa ndalama yonse yomwe munatenga poyamba, mwezi uliwonse, ngakhale mwabweza kale yambiri. Pa malo oyamba aja, 4 peresenti ya K600,000 ndi K24,000. Mwezi woyamba mayi uja apereka K24,000 ya chiwongola dzanja. Mwezi wa 12, pomwe ngongole yeniyeni yatsala K50,000 yokha, aperekabe K24,000. Pa chaka chonse ndi K288,000. Akulipirira ndalama yomwe anabweza kalekale, ngati munthu amene wasamuka m'zipinda zitatu n'kutsala m'chimodzi koma akulipirabe lendi ya nyumba yonse.

Njira yachiwiri amawerengera pa ngongole yotsala. Pa malo achiwiri aja, mwezi woyamba ngongole ndi K600,000, ndiye 5 peresenti yake ndi K30,000, kuphatikiza K50,000 yochepetsa ngongole, zonse K80,000. Mwezi wachiwiri ngongole yatsala K550,000, chiwongola dzanja chake K27,500. Zimatsika choncho mpaka mwezi womaliza pomwe chiwongola dzanja ndi K2,500 yokha. Zonse pamodzi ndi K195,000.

Choncho 4 peresenti ya fulati pa miyezi 12 ikufanana ndi pakati pa 6 ndi 7 peresenti yowerengera pa ngongole yotsala, tisanawerengere zodulidwa zija. Manambala awiriwa amalembedwa mofanana pa chikwangwani koma si chinthu chimodzi. Funso loti mufunse ndi ili: "Achimwene, chiwongola dzanjachi mukuwerengera pa ndalama yonse yomwe ndatenga kapena pa yotsala?" Onaninso ngati peresentiyo ndi ya pamwezi kapena ya pachaka. Mabanki amakonda kutchula ya pachaka, pomwe mabungwe ang'onoang'ono ambiri amatchula ya pamwezi, ndipo 3 peresenti pa mwezi ndi 36 peresenti pa chaka.

5. Ine ndikubweza ndalama yofanana mwezi uliwonse. Ndiye kuti yanga ndi ya fulati?

Osati nthawi zonse. Mabanki ambiri amawerengera pa ngongole yotsala koma n'kusalaza ndalama yobweza kuti izifanana miyezi yonse. Ngongole yachiwiri ija ikanasalazidwa choncho, mayi uja bwenzi akupereka pafupifupi K67,700 pa mwezi, zonse pamodzi pafupifupi K812,000. Kuti mudziwe, yang'anani pepala la ndondomeko pa mzere wa chiwongola dzanja. Ngati nambala yake ikutsika mwezi ndi mwezi, akuwerengera pa yotsala. Ngati ili imodzimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndi fulati. Ubwino wa njira ya pa funso 1 ndi woti simufunika kudziwa zimenezi kuti musankhe bwino, poti ndalama yonse yobweza imaulula zonse.

6. Ndalama zomwe amadula polandira ngongole, nazonso ndi mtengo? Ndi zochepatu.

Ndi mtengo ndithu, ndipo zimapweteka kawiri. Pa malo oyamba aja mayi walandira K564,000 koma chiwongola dzanja akumuwerengera pa K600,000, kutanthauza kuti akulipirira K36,000 yomwe sanaigwirepo. Ndipo ngati firiji ndi katundu zikufunadi K600,000, ayenera kukapeza kwina yotsalayo kapena kubwereka yochulukirapo.

Popeza ndalama zofika m'manja zimasiyana, njira yabwino yofananizira ndi kufunsa kuti pa K1,000 iliyonse yomwe ndagwira, ndibweza zingati. Gawani ndalama yonse yobweza ndi yofika m'manja, kenaka chulukitsani ndi 1,000. Pa malo oyamba ndi pafupifupi K1,574, pa achiwiri pafupifupi K1,352, pa achitatu K1,720.

Palinso mabungwe omwe amafuna kuti musungitse kaye gawo la ndalamayo, mwina K60,000 pa K600,000, ngati chikole. Imeneyi sindiiwerengera ngati yotayika chifukwa imabwerera ngongole ikatha, koma ndimaichotsa pa ndalama yofika m'manja ndi pa yobweza pomwe, poti simungagule nayo katundu pomwe chiwongola dzanja chake mukulipira. Funsani kuti idzabwerera liti komanso ngati idzabwerera yonse. Inshuwalansi ndimaiwerengera ngati mtengo, koma sindiinyoza. Ndaonapo banja likupulumuka chifukwa wobwereka atamwalira inshuwalansi inatseka ngongole, ana osalandidwa katundu. Ingofunsani kuti imateteza chiyani kwenikweni.

Musaiwale thiransipoti. Munthu wa ku Muloza amene ayenera kukapereka ndalama pa Boma kapena ku Luchenza sabata iliyonse akulipira minibasi kapena kabaza maulendo 52, ndipo tsiku limenelo malonda ayima. Imeneyo siilembedwa pa fomu koma imatuluka m'thumba lomwelo.

7. Kodi n'chilungamo kufananiza ngongole ya miyezi 12 ndi ya miyezi 24 poyang'ana ndalama yonse?

Funso ili anandifunsa mphunzitsi wina wa masamu, ndipo ankanena zoona. Amene watenga ya miyezi 24 wakhala ndi ndalama ya eni nthawi yaitali, ndiye n'zosadabwitsa kuti walipira zambiri. Ndalama yonse yobweza imakuuzani zomwe mudzataye, koma payokha siikuuzani kuti wobwereketsa wodula ndi uti ngati nthawi zikusiyana.

Chochita ndi kupempha onse kuti akuwerengereni ndalama yofanana pa miyezi yofanana. Malo achitatu aja atawerengera mayi uja pa miyezi 12, chiwongola dzanja chikhala K216,000, azibweza K68,000 pa mwezi, zonse K816,000. Mtengo wake K216,000 wayandikana kwambiri ndi K207,000 ya malo achiwiri. Ndiye kuti malo achitatuwo si odula kwenikweni. Chomwe chinadulitsa ngongoleyo ndi chaka chachiwiri chija. Mukatero mwalekanitsa mafunso awiri omwe wobwereketsa amakonda kuwasakaniza: ndibwereke kwa ndani, komanso ndibwereke kwa nthawi yaitali bwanji.

8. Ndiye ndalama ya pamwezi ilibe ntchito?

Ili nayo, koma ntchito yake ndi ina. Imakuuzani ngati mungakwanitse, osati ngati ndi yotchipa. Ngati golosale ya mayi uja imatsala ndi phindu la K70,000 pa mwezi, ngongole ya malo achiwiri ija, yoyambira pa K80,000, imugwetsa m'miyezi yoyambirira ngakhale ili yotchipa pa pepala. Akachedwa kubweza, chindapusa chiyamba kuwerengedwa, mwina akabwereka kwa akatapila kuti atseke bowo, ndipo kutchipa kuja kwathera pomwepo.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa ndalama zimayenda ndi nyengo. Mlimi wa tiyi amathyola masamba ambiri nthawi ya mvula, ndipo m'chilimwe makilogalamu amatsika kwambiri pomwe ngongole ikufunabe ndalama yake yomweyo. Wa nandolo amaona ndalama kamodzi pa chaka. Choncho yesani ndalama ya pamwezi ndi mwezi wanu wouma kwambiri, osati wa zokolola. Mlimi wa tiyi amene watenga ngongole mvula itangoyamba, ndalama yobweza yotsika mwezi ndi mwezi ngati ya malo achiwiri imamuyenera bwino, poti miyezi yolemera imagwera pomwe masamba ali ambiri. Akaitenga mu June, ndondomeko yomweyo imamufinya.

Ine ndimalangiza chonchi: chotsani kaye ngongole zomwe simungakwanitse m'mwezi wouma, kenaka pa zotsalazo tengani yomwe ndalama yake yonse ndi yochepa. Ngati zonse zomwe mungakwanitse ndi zazitali ndi zodula, ganizirani zobwereka yocheperapo. Mwina firiji chaka chino, katundu wowonjezera chaka chamawa.

9. Ena amati kwacha ikugwa mphamvu, ndiye ngongole yaitali ndi yabwino chifukwa udzabweza ndi ndalama yopepuka. N'zoona?

Muli choonadi pang'ono. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo K43,000 ya lero siigula zomwe inkagula zaka ziwiri zapitazo. Koma phindu limeneli limafika kwa munthu amene ndalama zomwe amapeza zikukwera limodzi ndi mitengo. Ngati malipiro anu ali pomwepo pomwe chimanga, sopo ndi fizi zakwera, K43,000 ija imalemera kuposa kale. Komanso ngongole zambiri za kubanki chiwongola dzanja chake si chokhazikika, chimatsatira mlingo womwe mabanki amalengeza ndipo chimatha kukwera ngongole ili mkati. Zikatero ndalama yonse yomwe munawerengera tsiku losaina imasintha. Funsani ngati chiwongola dzanjacho chingasinthe, ndipo chikasintha adzakweza ya pamwezi kapena adzawonjezera miyezi.

10. Ndikafuna kumaliza ngongole msanga, ndalama yonse ija imatsika?

Pa ngongole yowerengera pa yotsala, imayenera kutsika, chifukwa miyezi yomwe simunakhale ndi ndalama yawo ilibe chiwongola dzanja, ngakhale ena amaikapo chindapusa cha kumaliza msanga. Pa ya fulati zimadalira zomwe zalembedwa. Mayi uja atabweza miyezi 6 pa malo oyamba, ngongole yeniyeni yatsala K300,000, koma pa pepala patsala K444,000, poti K144,000 ndi chiwongola dzanja cha miyezi yomwe isanafike. Ena amachotsako, ena amafuna yonse. Musanasaine afunseni kuti mutabwera ndi ndalama pakati pa ulendo adzafuna zingati, ndipo akuonetseni pomwe zalembedwa.

11. Andiimbira foni kuti ndikhoza kuwonjezera ngongole pamwamba pa yakale, ya pamwezi ingokwera pang'ono. Ndiwerengere bwanji?

Imeneyi, yomwe anthu amaitcha topu apu, ndi yomwe yamiza ogwira ntchito ambiri omwe ngongole imadulidwa ku malipiro. Inenso ndinagwamo kale, nthawi ina fizi ya mwana itandipanikiza, ndipo ndinazindikira mtengo wake patatha miyezi ndikuona pepala la malipiro.

Tipitirize ndi manambala a pa funso 10. Mayi uja watsala ndi K444,000 yoti abweze. Amupatsa ngongole yatsopano ya K800,000 pa 4 peresenti ya fulati kwa miyezi 12, yomwe idzabwezedwe K1,184,000. Pa K800,000 ija adula K444,000 kutseka yakale, adulanso K48,000 ya mapepala ndi inshuwalansi, m'manja mufika K308,000. Tsopano taonani: asanawonjezere amayenera kubweza K444,000, pano ayenera kubweza K1,184,000. Ngongole yakwera ndi K740,000 chifukwa cha K308,000 yomwe wagwira. Pa K1,000 iliyonse akubweza pafupifupi K2,400. Ngakhale atamukhululukira chiwongola dzanja chakale n'kudula K300,000 yokha, m'manja mufika K452,000, ndipo pa K1,000 iliyonse akubwezabe K1,600 ndi kupitirira.

Choncho pa topu apu musayang'ane dzina la ngongole yatsopano. Chotsani zomwe munatsala nazo pa zomwe mudzabweze tsopano, ndipo yerekezani ndi ndalama yatsopano yokha yomwe yafika m'manja.

12. Nanga ngongole za pafoni, banki m'khonde ndi katapila, njira yake ndi yomweyi?

Ndi yomweyi, kungoti apa yang'anitsitsani masiku. Kubwereka K20,000 pafoni n'kubweza K22,000 pakatha sabata kumaoneka kochepa, K2,000 yokha. Koma amene amabweza n'kubwerekanso pompo kanayi pa mwezi wapereka K8,000 pa K20,000 yomweyo. Wakatapila amene akufuna K75,000 pa K50,000 pakutha pa mwezi sabisa mtengo wake, vuto limayamba mukalephera, poti mwezi wotsatira amawerengera pa K75,000 ija.

Ku banki m'khonde chiwongola dzanja cha pamwezi chimakhala chokwera ndithu m'magulu ambiri, koma gawo lina limabwerera kwa inu pogawana kumapeto a chaka malinga ndi masheya anu, monganso ku SACCO komwe mamembala amagawana phindu. Werengerani mtengo wonse monga mwa nthawi zonse, kenaka kumbukirani zobwererazo, koma musazikuze. Amene ali ndi masheya ochepa n'kumabwereka kwambiri ndi amene amanenepetsa anzake.

13. Akakana kundiuza ndalama yonse, kapena kundipatsa pepala la ndondomeko, nditani?

Musasaine. Wogwira ntchito amene ali ndi kompyuta patsogolo pake angakuuzeni nambala imeneyi m'kamphindi, ndipo akamazungulira kuti "mayi musadandaule, ndi K43,000 yokha", bwerezani funsolo mwaulemu mpaka ayankhe. Pemphani kuti akulembereni zinthu zinayi: ndalama yofika m'manja, ndalama ya ulendo uliwonse, maulendo angati, ndi chindapusa mukachedwa. Tengani pepalalo mupite nalo kunyumba, mugone nalo usiku umodzi, muonetse mwana wa sekondale kapena mlembi wa gulu lanu. Ngati mukusainira mnzanu ngati mboni yomuimira, muli ndi chifukwa chomwecho chofunira manambalawa, chifukwa iye akalephera adzagogoda pakhomo panu.

Mabanki, ma SACCO ndi mabungwe obwereketsa ndalama ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo lamulo loyendetsa mabungwe a ngongole zing'onozing'ono linakhazikitsidwa mu 2010. Mukhoza kufunsa kuti akuonetseni chiphaso chawo. Ngati munasaina kale ndipo akukudulani zosiyana ndi zomwe zili pa mgwirizano, yambani mwadandaula kwa iwo eni mwa kalata, musunge kope lake pamodzi ndi malisiti onse ndi mauthenga a pafoni osonyeza zomwe mwalipira, ndipo akapanda kukuthandizani mukatule nkhaniyo ku Reserve Bank, yomwe ili ndi ofesi ku Blantyre.